MKANGANO UMODZI, NKHANI ZIWIRI: MTSOGOLERI ATANI?

(Awa ndi mawu amene adayankhula mmodzi wa ife, yemwe amagwira ntchito m'boma ku mbali yoona za anthu apantchito, pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu umene udachitikira pa Mpingu. Tawasindikiza chifukwa ambiri amene sadathe kubwera adapempha.)



Ndikayang'ana m'chipinda muno ndikuona kuti ambiri a ife tsopano tili ndi anthu amene timawayang'anira. Ena ndinu aphunzitsi aakulu, ena mumatsogolera pa chipatala, ena muli ndi sitolo ndi antchito awiri kapena atatu, ena ndinu akulu ampingo. Choncho nonse mudzakumana ndi tsiku limene ndikufuna kukamba lero. Munthu wanu mmodzi adzalowa mu ofesi akunjenjemera ndi ukali nkukufotokozerani mmene mnzake wamuchitira chipongwe. Patapita ola limodzi mnzakeyo adzalowanso nkukufotokozerani za mkangano womwewo, wa tsiku lomwelo, pamalo pomwepo, koma nkhani yake idzakhala ina. Inu padalibe. Onse awiri ndi anthu anu, ndipo mawa muyenera kugwira nawo ntchito. Kodi mudzatani?

Ndiyankha funsoli pofotokoza nkhani imene ndidatumidwa kukaiona zaka zingapo zapitazo pa sukulu ina ya sekondale ya dera lathu lino. Sinditchula sukuluyo kapena anthu ake, ndipo musavutike kuganizira, chifukwa si sukulu yathu.

Padali aphunzitsi awiri. Mmodzi adali bambo wachikulire amene ankasunga makiyi a sitolo ya pasukulupo. Winayo adali mayi wachichepere amene adapatsidwa udindo woyendetsa mayeso a pakati pa teremu. Lachitatu lina, pa nthawi yopuma ya 10 koloko, awiriwa adakangana m'chipinda cha aphunzitsi mpaka ana adadzaza pa mawindo.

Mayiyo adafotokoza motere. Lachisanu la sabata yapitayo adalemba kalata yopempha mitolo 10 ya mapepala olembapo mayeso. Lachitatu atapita kukatenga, bamboyo adampatsa mitolo 4 yokha. Atafunsa chifukwa chake, bamboyo adamunyoza pamaso pa anthu kuti ndi mwana wa dzulo, nkumuponyera makiyi pamapazi ngati akuponyera galu fupa.

Bamboyo nkhani yake idali iyi. Sadalandire kalata ina iliyonse. Mayiyo adangobwera Lachitatu nkuyamba kulamula. Atampatsa zimene zidalipo, mayiyo adamutchula wakuba, kunena kuti amagulitsa mapepala a sukulu kumsika. Pamenepo iye adaika makiyi pa tebulo mwaulemu nati apite akawerenge yekha.

Musanamve zimene ndidachita, imvani zimene adachita mphunzitsi wamkulu, munthu wabwino ndi wokonda mtendere. Mayi uja ndiye adayamba kufika kwa iye akulira. Mphunzitsi wamkuluyo adati, "Pepani mayi, musadandaule, ameneyo ndithana naye." Madzulo kudabwera bambo uja, ndipo adamuuza kuti, "Inu ndinu wamkulu, ana a masiku ano mukuwadziwa, ingomukhululukirani." Aliyense adatuluka akukhulupirira kuti ahedi ali mbali yake, ndipo aliyense adakauza anzake. Sipadathe masiku atatu, mawu awiriwa adakumana. Onse awiri adaona kuti apusitsidwa, aphunzitsi adagawanika pawiri, ndipo nkhani idafika ku ofesi kwathu m'makalata awiri odandaula.

Phunziro loyamba lili pomwepa. Mphunzitsi wamkuluyo ankaganiza kuti sakukondera chifukwa adasangalatsa onse. Zoona zake nzakuti adakondera kawiri. Munthu akakufotokozerani nkhani yake, mungathe kumumvera chisoni osaivomereza nkhaniyo. Munganene kuti, "Ndaona kuti zakupwetekani, ndamva zimene mwanena, ndimvanso mnzanuyo lero lomwe ndipo ndikuitanani." Mawu oti "ndithana naye" kapena "ameneyo timamudziwa" ndi chigamulo, ndipo mwachipereka musanamve mlandu. Ngakhale kugwedeza mutu ndi kunena kuti "eya, eya" munthu wopsa mtima amakutenga ngati umboni woti mwagwirizana naye.

Nditafika pa sukulupo ndidayamba ndi kumva aliyense payekha. Ndidawamva tsiku limodzi, m'chipinda chimodzi, pampando womwewo, ndipo aliyense ndidampatsa mphindi 40. Zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma anthu amawerenga. Mukacheza ndi wina ola lathunthu mu ofesi, wina nkumumvera mphindi zisanu muli chiimire pakhonde, mwaweruza kale ngakhale simudanene kanthu. Ndidafunsanso onse mafunso ofanana amene ndidawalemberatu: chidachitika nchiyani chisanafike Lachitatu, mudanena mawu otani inuyo, mnzanu adanena mawu otani, padali yani, ndipo mukufuna kuti zithe bwanji. Ndinkalemba mawu awo monga adawanenera. Pomaliza ndidawerengera aliyense zimene ndidalemba, nakonza pamene ndidalakwitsa, nasayina.

Ambirife tidakulira m'midzi ya kuno ndipo tidaonapo mmene bwalo la amfumu limayendera. Wodandaula akatha kufotokoza, nduna imabwereza nkhani yake yonse kuti anthu amve ndi kuti mwini wake avomere kuti ndi momwemo. Kenaka woyankha amafotokoza, ndipo nayenso nkhani yake imabwerezedwa. Kuwerengera munthu zimene mwalemba ndi mwambo womwewo. Kumathandiza paziwiri. Munthu amatsika mtima akamva kuti mawu ake afika bwino, ndipo nthawi zambiri akamva mawu ake pakamwa pa wina amachotsa yekha zokometsera. Mayi uja nditamuwerengera kuti "adandiponyera makiyi kumaso" adati, "Ayi, osati kumaso, adagwera pafupi ndi mapazi anga."

Chinthu chimodzi chimene sindidachite ndi kunyamula mawu. Bamboyo adandifunsa kuti, "Kodi iyeyo wati chiyani?" Ndidamuuza mfundo zimene akumudandaulira, chifukwa munthu sangayankhe mlandu umene sakuudziwa. Koma sindidamuuze mawu aukali amene mayiyo adanena za iye ali ndi ine, monga zoti ndi munthu wansanje. Madandaulo amaperekedwa kwa woyankha. Zotukwana za m'chipinda zimatsala m'chipindamo. Mtsogoleri amene amayenda ndi mawu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo amasanduka nkhuni pa moto umene adabwera kudzazimitsa.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna kuti mupite nacho kwanu. Madzulo a tsikulo ndidaika mapepala awiri aja pa tebulo ndipo ndidagawa zonse zimene zidanenedwa m'milu itatu.

Mulu woyamba udali wa zimene onse awiri akuvomerezana. Mudzadabwa kuona kuti mulu umenewu umakhala waukulu. Onse ankavomera kuti lidali Lachitatu pa nthawi yopuma, kuti padapemphedwa mitolo 10 nkuperekedwa 4, kuti makiyi adachoka m'manja mwa bamboyo, kuti onse adakweza mawu ana akumva, ndi kuti mayeso adachedwa ndi tsiku limodzi.

Mulu wachiwiri udali wa zimene akutsutsana koma zingathe kufufuzidwa. Munali mafunso awiri. Kodi kalata ya Lachisanu idalembedwadi? Kodi m'sitolo mudali mapepala angati?

Mulu wachitatu udali wa zimene akutsutsana ndipo palibe buku kapena pepala limene lingazitsimikize. Kodi mawu oti "wakuba" adanenedwa? Kodi makiyi adaponyedwa kapena adaikidwa? Kodi ndani adayamba kukalipa?

M'mawa mwake ndidagwira ntchito pa mulu wachiwiri. Ndidafunsa mayiyo kuti kalatayo adapereka m'manja mwa yani. Adati adatuma mwana wa Fomu 2. Mwanayo nditamufunsa adati adapeza sitolo yotseka, ndiye adakaisiya pa tebulo la ahedi. Ahedi tsiku limenelo adali ku msonkhano ku Lilongwe. Tidakaipeza kalatayo pansi pa kaundula wa mayina, ili ndi deti la Lachisanu, yosasayinidwa. Choncho mayiyo adanena zoona kuti adalemba, ndipo bamboyo adanena zoona kuti sadalandire.

Kenaka tidatsekula buku la m'sitolo. Kumayambiriro kwa teremu kudalowa mitolo 20. Mitolo 14 idatuluka, ndipo pa mtolo uliwonse padali siginecha ya amene adatenga. Idatsala 6. Bamboyo adapereka 4, ndipo 2 tidaiona ndi maso athu pa shelefu. Nditafunsa chifukwa chimene adasungira iwiriyo, adati ahedi adamuuza pakamwa kuti nthawi zonse azisiya iwiri ya mu ofesi. Ahedi adavomera kuti adaterodi. Palibe pepala limene lidabedwa. Ndipo ngakhale kalata ija ikadafika, mitolo 10 mudalibemo.

Onani tsono zimene zachitika. Anthu awiri amene aliyense ankatchula mnzake wabodza apezeka kuti pa mfundo zazikulu onse ankanena zoona. Aliyense adaona theka la nkhani, ndipo theka linalo adalidzaza ndi zimene ankaganizira mnzake. Izi ndi zimene ndaziona kawirikawiri pa ntchito yanga. Abodza alipo ndithu, koma musayambe ndi funso loti wabodza ndani. Yambani ndi funso loti, kodi pali njira yoti onse awiri akhale akunena zoona? Mukaisowa njirayo mutafufuza, pamenepo mpomwe mungayambe kukayikira munthu.

Mulu wachitatu ndiwo udandivuta. M'chipinda muja mudali aphunzitsi ena atatu. Mmodzi adati ankachonga makope ndipo adangomva phokoso. Wachiwiri ankapemphera mpingo umodzi ndi bamboyo, ndipo adanena ndendende zimene bamboyo adanena. Wachitatu ankakhala nyumba yoyandikana ndi mayiyo, ndipo adanena ndendende zimene mayiyo adanena. Padali patapita sabata ziwiri, ndipo nkhaniyo idali itakambidwa kambirimbiri pa mjigo ndi m'nyumba za aphunzitsi. Mboni ikamagwiritsa ntchito mawu omwewo a mwini nkhani, liwu ndi liwu, dziwani kuti ikukumbukira zimene idauzidwa pambuyo pake kuposa zimene idaona. Mboni ziwiri zotero sizilemera kuposa imodzi. Ichi ndi chifukwa china chimene muyenera kumvera anthu tsiku lomwelo kapena lotsatira. Timati mlandu suwola, koma umboni wokha umawola.

Chimene chidandithandiza ndi funso lija loti, "Mudanena mawu otani inuyo?" Munthu amakokomeza mawu a mnzake, koma ake amawakumbukira bwinoko. Mayiyo adavomera kuti adafunsa kuti, "Kodi mapepala a pasukulu pano amapita kuti?" Bamboyo adavomera kuti adati, "Musandilamule, ndidayamba ntchito inu musanabadwe." Ndidamvanso kuti zaka ziwiri m'mbuyomo, mayiyo asanabwere pasukulupo, kudali mphekesera yoti katundu wa m'sitolo akusowa, ndipo bamboyo zidamupweteka kwambiri ngakhale sadampeze ndi mlandu. Funso la mayiyo lidagwera pa chilonda chimene iye sankachidziwa. Mawu a bamboyo adagweranso pa chilonda, chifukwa mayiyo ankamva kale kuti ena sadakondwe kuti udindo wa mayeso wapatsidwa kwa wamng'ono.

Nanga makiyi? Mu lipoti langa ndidalemba kuti makiyi adachoka m'manja mwa bamboyo nkupezeka pansi, ndipo umboni sudali wokwanira kunena ngati adaponyedwa kapena adatsetsereka pa tebulo. Ndidasiyira pomwepo. Apa mpamene atsogoleri ambiri amagwa. Timaona ngati ndi manyazi kunena kuti umboni sukukwana, ndiye timasankha mbali potengera zinthu zina: wodziwa kuyankhula, amene adafika poyamba, amene adalira, wamkulu pa msinkhu, wakwathu, kapena amene sitifuna kudana naye. Bambo uja adali wachibwibwi akapsa mtima, pamene mayiyo ankayala nkhani yake bwino ngati akuwerenga. Ndikadatengera kayankhulidwe ndikadamulakwira bamboyo. Ndikadatengera imvi ndikadamulakwira mayiyo.

Tsiku lachitatu ndidawaitana onse pamodzi, ahedi ali pomwepo. Sindidawalole kuyambiranso kufotokoza, chifukwa kutero nkuyambitsanso mkangano. Ndidayamba ndi kuwerenga mulu woyamba, ndipo pa mfundo iliyonse ndinkafunsa onse ngati zili choncho. Adavomera kasanu motsatizana, ndipo aka kadali koyamba kugwirizana pa kanthu m'sabata ziwiri. Kenaka ndidaika pa tebulo kalata ija ndi buku la m'sitolo kuti aone okha. Mayiyo adakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana masiginecha aja, pakuti ena mwa iwo adali ake omwe.

Musaganize kuti kusakondera ndiye kusanena cholakwa. Kunena kuti "nonse mwalakwa, gwiranani chanza" musanafufuze ndi ulesi, ndipo kumapweteka amene sadalakwe. Ine ndidatchula zolakwa zimene zidatsimikizika, chilichonse kwa mwini wake. Mayiyo adalakwa kutuma mwana ndi kalata ya ntchito osatsatira ngati yafika. Bamboyo adalakwa kupereka mitolo 4 osafotokoza kuti yatsala 6 yokha ndi chifukwa chimene akusungira iwiri. Onse adalakwa kukalipirana ana akumva, ndipo izi adazivomera okha. Ahedi adalakwa kupereka lamulo la m'sitolo pakamwa pokha, ndiponso kulonjeza aliyense mbali. Izi za ahedi ndidawauza kaye paokha tisanalowe, kuti asadzidzimuke pamaso pa anthu awo, ndipo adazinena ndi pakamwa pawo mu msonkhanomo.

Pomaliza tidakonza chimene chidabala mkangano. Tidagwirizana kuti pakhale buku lopemphera katundu, wopempha azilembamo yekha masiku asanu asanafune katunduyo, ndipo wasitolo azisayina pomwepo nkulemba kuchuluka kwa zimene zilipo.

Ndikadakonda kukuuzani kuti adakumbatirana, koma sizidatero. Bamboyo adatuluka wosakhutira chifukwa ankafuna kuti mayiyo apepese pa mawu oti "wakuba", mawu amene mayiyo ankakana kuti sadanene. Mayiyo adapepesa pa funso limene adavomera, ndipo bamboyo adapepesa pa mawu a msinkhu. Za makiyi aliyense adatsala ndi nkhani yake. Sadakhale mabwenzi, koma ankapatsana moni, ndipo mayeso a teremu yotsatira adalembedwa pa tsiku lake. Pa ntchito zimenezo nzokwanira. Mungadziwe kuti mwayenda pakati ngati aliyense wa awiriwo angathe kunena kuti, "Sindidapeze zonse zimene ndinkafuna, koma adandimva."

Ndinenepo pang'ono za malamulo, chifukwa kumva mbali zonse si ulemu chabe. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa ndime 43, amapatsa munthu aliyense ufulu woti akuluakulu a boma akamapanga chiganizo chomukhudza atsate njira yachilungamo, ndiponso kuti ampatse zifukwa zake molemba. Lamulo la za ntchito la 2000, pa ndime 57, limati munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza pa zimene akumuneneza. Wochitiridwa zosalungama angathe kupita ku Khoti loona za Ntchito kapena kwa Ombudsman. Kumeneko mukafunsidwa ngati mudamumva munthuyo ndiponso kuti umboni wake uli pati. Mapepala osayinidwa aja ndiwo yankho lanu. Inu a masitolo ndi zigayo musaganize kuti izi nza boma lokha, chifukwa lamulo la 2000 limakhudzanso olemba ntchito amene si boma.

Njira imene ndafotokozayi ili ndi malire ake, ndipo nditchula atatu. Choyamba, ngati mmodzi wa okanganawo ndi mbale wanu, mlamu wanu, kapena munthu amene muli naye ngongole, pemphani wina kuti aimve nkhaniyo. Mungakhale wolungama mumtima, koma winayo sadzakhulupirira. Chachiwiri, ngati kufufuza kwaonetsa kuti mmodzi wanama dala, nenani choncho mosabisa. M'sitolo muja tikadapeza kuti mitolo isanu yasowa popanda siginecha, nkhaniyo ikadasiya kukhala mkangano nkukhala mlandu, ndipo ikadapita kwa amene ali ndi mphamvu zolanga. Kutsata umboni si kukondera. Chachitatu, pali nkhani zimene siziyenera kukhazikitsidwa pa tebulo limodzi kuti anthu agwirane chanza. Ngati wina wamenyedwa, kapena mayi akudandaula kuti akukakamizidwa zachisembwere, khalidwe limene lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa amuna ndi akazi limaletsa, musamuike wodandaulayo maso ndi maso ndi amene akumuopa. Imvani onse paokha, lembani, ndipo tumizani nkhaniyo kumene iyenera kupita.

Anzanga, Lolemba wina akadzagogoda pa chitseko chanu maso ali gwa, mpatseni mpando, tengani pepala ndi cholembera, ndipo musalonjeze kanthu kupatula kuti mumva mnzakeyo tsiku lomwelo. Mukatha kumva onse, gawani milu itatu ija. Woyamba muwawerengere, wachiwiri muufufuze, ndipo pa wachitatu limbani mtima kunena kuti umboni sukukwana. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Bambo Wapampando, ndaona kuti amayi akukhitchini ayamba kale kusuzumira pakhomo, ndipo sindifuna kuti pabuke mkangano wina wa nsima yozizira umene ine ndidzakhale woyankha. Mafunso ndiyankha tikatha kudya.